Tsamba la kanyuzipepala lathinana: werengani mizere musanaike kanthu

Funso: Ndine mlembi wa mpingo wathu ku Chilenje. Mwezi uliwonse ndimakonza kanyuzipepala ka masamba 4 mu Word, pa pepala la A3 lopinda pakati, n'kukachita fotokope m'tauni. Tsamba lachiwiri ndilo landivuta. Pali nkhani ya denga la tchalitchi ya mawu 420, uthenga wa abusa wa mawu 180, zilengezo 8, zithunzi 5 ndi malonda awiri. Zilembo ndachepetsa mpaka pa 8, chilichonse ndachiika m'bokosi mwake, koma azigogo akuti sakuona poyambira kuwerenga. Ndichite bwanji osataya kanthu?

Yankho: A Mlembi, azigogowo akunena zoona, ndipo musawaganizire kuti ndi maso okha atopa. Tsamba la A4 lili ndi muyeso wake, ndipo katundu amene mwalisenzetsa wapitirira muyesowo kutali. Ndikufuna tiwerengere limodzi, chifukwa mukangoona manambala, kukangana ndi komiti kumachepa ndipo ntchito yokonza imasanduka yopepuka.

Tiyambe ndi kudula tsambalo m'magawo osasintha, chimene ife okonza masamba timatcha gilidi. Gilidi ndi mizere yosaoneka papepala losindikizidwa, koma chilichonse, kaya nkhani, chithunzi kapena mutu, chimayambira ndi kuthera pa mizere imeneyo. A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Siyani mamilimita 15 kumanzere ndi 15 kumanja, 18 pamwamba ndi 22 pansi. Pansi ndasiya pokulirapo kuti nambala ya tsamba ndi dzina la kanyuzipepala zipeze pokhala. Musachepetse m'mphepetimu pofuna malo. Makina ambiri a fotokope sasindikiza mpaka kumathero a pepala, komanso pepala limatha kulowa mopendekera pang'ono, ndiye zolemba zoyandikira m'mphepete zimadukako. Chala cha wowerenga nachonso chimagwira pomwepo.

Chatsala ndi mamilimita 180 m'lifupi ndi 257 m'litali. M'lifupimo ikani makolamu atatu, pakati pawo mipata iwiri ya mamilimita 6.

```
(180 - 6 - 6) / 3 = 56
```

Kolamu iliyonse ndi mamilimita 56. Chinthu chotenga makolamu awiri chidzakhala 118, chifukwa chimadya ndi mpata wapakati womwe, ndipo chotenga onse atatu ndi 180. Kuyambira lero patsamba lanu pali miyeso itatu yokha ya m'lifupi: 56, 118 ndi 180. Chithunzi cha mamilimita 70 kapena 95 chilibe malo. Mwina chikule chifike pa 118, kapena chichepe chifike pa 56. Lamulo limeneli lokha limachotsa theka la chisokonezo, popeza diso likamatsika ndi tsamba limapeza m'mphepete mowongoka m'malo mwa timakona tambirimbiri tolowa ndi kutuluka.

Tsopano m'litali. Bwezerani zilembo za nkhani pa mapointi 10. Ngati owerenga anu ambiri ndi achikulire, 11 ndi yabwino koposa, koma tiyeni tiwerengere pa 10. Mtunda wochokera pa mzere umodzi kufika pa wotsatira uikeni pa mapointi 13. Mu Word mumapita ku Paragraph, pa Line spacing n'kusankha Exactly, kenako 13 pt. Mukasiya pa Single kapena Multiple, mtundawo umasintha malinga ndi fonti, ndipo mizere ya makolamu oyandikana imasiya kulingana. Mapointi 13 ndi mamilimita pafupifupi 4.6, choncho mu 257 muja mumalowa mizere 56. Makolamu atatu a mizere 56 ndi mizere 168. Chuma chonse cha tsamba lanu n'chimenecho, ndipo mutu, chithunzi ngakhale mpata wopanda kanthu zonse zimagulidwa ndi mizere yomweyi.

Mu kolamu ya mamilimita 56, ndi fonti ngati Times New Roman pa 10, mumalowa zilembo pafupifupi 37 pa mzere. M'chinenero chathu amenewo ndi mawu ngati 5, chifukwa mawu athu ndi ataliatali. Inu mudziyesere nokha: werengani mawu a m'mizere 10 ya nkhani yanu, mugawe ndi 10. Tikatenga 5, nkhani ya denga ikufuna mizere 84 ndipo uthenga wa abusa 36. Zilengezo 8, tinene chilichonse mizere 4, pamodzi ndi mutu wake ndi mipata yozilekanitsa, zikufuna 42. Malonda awiri, aliwonse mizere 12, akufuna 24. Zithunzi 5, ngakhale zitakhala zazing'ono za kolamu imodzi, chilichonse mizere 9 ndi ina iwiri ya mawu ofotokoza ndi mpata, ndi 55. Zonse pamodzi ndi mizere 241, tisanaike n'komwe mitu ya nkhani ziwirizo. Malo alipo 168. Mukuona tsopano chimene chinakukankhirani ku zilembo za 8.

Ndiye zoti musataye kanthu patsambali sizitheka, ndinene mosabisa. Chotheka n'chakuti zinthu zina zisamukire ku masamba ena, zina zifupikitsidwe, ndipo zithunzi zisankhidwe. Aliyense amene analimapo chimanga amadziwa kuti phando la mbewu zisanu silipatsa zisononkho zisanu zabwino. Umapatulira kuti zotsalazo zikule.

Umu ndi mmene ndingaliyalire ine tsamba lachiwirilo.

Nkhani ya denga ndiyo yaikulu, choncho itenge makolamu awiri akumanzere, mamilimita 118, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mutu wake ukhale wa mapointi 24, mtunda wa pakati pa mizere ukhale mapointi 26, kutanthauza kuti mzere umodzi wa mutu ukudya mizere iwiri ya gilidi. Mutu ngati "Denga la tchalitchi latha mvula isanayambe" umakwana m'mizere iwiri, ndiye wadya 4. Pansi pake ikani chiganizo chimodzi chachidule chonena chimene chachitika, mizere iwiri, kenako mzere umodzi wopanda kanthu. Tafika pa 7. Chithunzi chikhale chimodzi, chodzaza mamilimita 118 onse. Chithunzi chimene m'lifupi ndi m'litali mwake muli ngati 3 kwa 2 chimatalika mamilimita pafupifupi 78 pa m'lifupi umenewu, yomwe ndi mizere 17. Mzere umodzi wa mawu ofotokoza chithunzi ndi umodzi wa mpata zikutifikitsa pa 26. Yatsala mizere 30 m'kolamu iliyonse, 60 yonse pamodzi, mawu ngati 300.

Nkhani yanu ili ndi 420, ndiye apa pali chosankha. Mukhoza kudula chithunzi pamwamba ndi pansi, kuchotsa thambo ndi fumbi la pabwalo, chitsale cha mizere 13, mamilimita ngati 60. Mukatero nkhani ipeza mizere 68, mawu ngati 340, ndipo muchotsa 80 okha. Ine ndingasankhe zimenezi, chifukwa chithunzi cha denga chimaoneka bwino chikakhala chotambalala. Mawu 80 amapezeka mosavuta m'nkhani za mpingo. Kawirikawiri ndime yoyamba imakhala malonje ndi kuthokoza, pamene nkhani yeniyeni, yoti malata angati, ndalama zingati, zatsala ziti, imayamba m'ndime yachiwiri. Mayina a opereka musawachotse, anthu amawafuna kwambiri, koma mukhoza kuwasamutsira ku tsamba lomaliza ngati mndandanda.

Pa zithunzi zisanuzo ndikudziwa kuti mtima umawawa, chifukwa gulu lililonse likufuna kudziona. Koma taganizirani chimene chimatuluka mu fotokope yakuda ndi yoyera: chithunzi cha anthu makumi awiri chopanikizidwa m'mamilimita 56 chimapatsa munthu aliyense nkhope yosakwana njere ya nyemba, ndipo palibe amene amazindikirika. Chimodzi chachikulu chimalemekeza anthu kuposa zisanu zosaoneka. Sankhani chimene muli anthu akugwira ntchito, ali pafupi ndi kamera. Kuti chituluke choyera pa mamilimita 118 chikufunika mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, ngati 1400 m'lifupi. Zithunzi zotumizidwa pa WhatsApp mwa masiku onse zimachepetsedwa, choncho muwapemphe ojambulawo atumize ngati Document.

Kolamu yachitatu ikhale ya zilengezo. Mutu wakuti "Zilengezo" ndi mpata wake ndi mizere 3, zilengezo 8 za mizere 4 ndi 32, mipata 7 ya pakati pawo ikutifikitsa pa 42. Siyani mizere iwiri yopanda kanthu, kenako malonda amodzi a mamilimita 56 ndi mizere 12. Yakwana 56 ndendende. Uthenga wa abusa upite ku tsamba lachitatu, m'kolamu yakeyake, kumene mizere 36 ndi mutu ndi kachithunzi kawo zidzakwana popanda kupanikizana. Abusa ambiri amakondwa akaona kuti uthenga wawo uli ndi malo ake okhazikika mwezi ndi mwezi. Malonda achiwiri apite ku tsamba lomaliza. Ngati masamba onse anayi ali odzaza chimodzimodzi, kumbukirani kuti pepala lopinda limawonjezera masamba anayi nthawi imodzi: kuchoka pa 4 mumafika pa 8, ndipo mtengo wa fotokope umawirikiza. Imeneyo ndi nkhani ya komiti ndi msungichuma, ndipo muwapititsire mawerengedwe a mizerewa aone okha.

Tsopano za mipata, pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene pali yankho la dandaulo la azigogo.

Mpata wopanda kanthu uli ndi ntchito imodzi yaikulu: kuuza diso kuti izi n'zapamodzi, izi n'zosiyana. Zinthu zoyandikana wowerenga amazitenga ngati za nkhani imodzi asanawerenge ngakhale liwu. Choncho mipata yanu isamafanane yonse. Wapakati pa zinthu za nkhani imodzi ukhale waung'ono, wapakati pa nkhani ziwiri zosiyana ukhale waukulu moonekeratu. Ine ndimagwiritsa ntchito miyeso itatu. Kampata ka mapointi 4 kali pakati pa chithunzi ndi mawu ochifotokoza, kapena pakati pa kamutu ndi ndime yake. Mzere umodzi, mapointi 13, uli pakati pa chilengezo ndi chinzake. Mizere iwiri, mapointi 26, ili pakati pa nkhani ndi nkhani ina.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri m'timanyuzipepala ta mipingo ndi masukulu muno mu Lusaka ndi kamutu koyandama. Munthu amadina Enter kamodzi pamwamba pa kamutu ndi kamodzi pansi pake, ndiye kamutuko kamakhala pakatikati, kosadziwika ngati n'ka ndime yapamwamba kapena yapansi. Kamutu kayenera kumamatira ku zimene kakutsogolera. Mu Paragraph, pa Spacing, ikani Before 9 pt ndi After 4 pt. Onani kuti 9 ndi 4 akupanga 13, mzere umodzi wathunthu, kotero mizere ya pansi pa kamutuko imabwerera pa gilidi n'kulingana ndi ya kolamu yoyandikana nayo. Chongani ndi Keep with next kuti kamutu kasatsale kokha pansi pa kolamu ndime yake itapita pamwamba pa ina. Ndipo lekani kupanga mipata ndi Enter kapena ndi batani la mpata. Mukasintha liwu limodzi pamwamba, mipata yotereyi imasuntha yonse.

Ndime za m'nkhani musazilekanitse ndi mzere wopanda kanthu. M'kolamu yopapatiza zimenezo zimadya malo ambiri ndipo nkhani imaoneka ngati zidutswa. Lowetsani mzere woyamba wa ndime mkati mamilimita 4, basi. Nkhani ya ndime 9 yapulumutsa mizere 8 pomwepo.

Mabokosi achotseni. Munawaika ndi cholinga chabwino, kuti zinthu zisasakanikirane, koma bokosi limadya malo kawiri. Kuti mawu asagunde mzere wa bokosi pamafunika mamilimita 4 mkati mbali iliyonse, ndiye kolamu ya 56 yatsala 48, ndipo mzere uliwonse wataya zilembo zisanu kapena kuposa. Mukapanda kusiya mpatawo mawu amakhudza mzere, n'kuoneka othinana kuposa kale. Komanso bokosi limauza wowerenga kuti ichi n'chapadera. Zonse zikakhala m'mabokosi palibe chapadera, ndipo n'chifukwa chake agogo akusowa poyambira. Lolani bokosi limodzi patsamba, ndipo patsamba lanuli ndi la malonda, kuti asasokonezeke ndi zilengezo za mpingo. Ngati mukuona kuti zilengezo zayandikana kwambiri ndi nkhani ya denga, kamzere kamodzi kowonda ka theka la pointi, koima pakati pa mpata wa mamilimita 6 uja, n'kokwanira. Utoto wotuwa kumbuyo kwa mawu, kapena mawu oyera pa chakuda, zimenezo pa fotokope zimatuluka zamathothomathotho, zisiyeni.

Pali kusiyana pakati pa mpata wabwino ndi dzenje. Nkhani ikatha mizere itatu isanafike pansi pa kolamu, siyani choncho. Mpata umene uli kunja, pansi kapena m'mbali, umalumikizana ndi m'mphepete mwa tsamba ndipo suvutitsa munthu. Musathamangire kuikapo kaduwa kapena kukoka chithunzi kuti chidzaze. Dzenje ndi mpata wotsekeredwa pakati pa tsamba, wozunguliridwa ndi mawu ndi zithunzi mbali zonse, ngati umene umatsala pambali pa chithunzi chosakwana kolamu. Umenewo umakoka diso kupita pamene palibe kanthu. Mukauona, sunthani zinthu kuti ziyandikane, mpatawo utulukire kunja.

Chinthu china chimene malangizo olembedwera Chingerezi sanena n'chokhudza kutalika kwa mawu athu. Liwu ngati "kudzalimbikitsana" lili ndi zilembo 17, pafupifupi theka la mzere wa kolamu yanu. Mukasankha Justify kuti mbali zonse ziwiri ziwongoke, liwu lotereli likalephera kukwana limatsikira mzere wapansi, ndipo mawu atatu otsala pamwamba amatambasulidwa, pakati pawo n'kutsala mipata ikuluikulu. Mizere ingapo yotere ikatsatizana mumaona kanjira koyera kokhotakhota kotsika m'kolamu. Sankhani Align Left, kumanja kukhale kosalingana. Pa chifukwa chomwechi musayese makolamu anayi pa A4: iliyonse ingakhale mamilimita 40 ndi theka, zilembo ngati 27, zochepa kwambiri pa chinenero chathu. Hyphenation muiike pa None, chifukwa kompyuta ikamadula mawu athu ndi malamulo a Chingerezi imalekanitsa zilembo zoyendera limodzi monga mb, nkh ndi ng'. Pamene liwu lalitali lasiya mzere waufupi kwambiri, lidulani nokha ndi Ctrl ndi kamzere kodulira mawu, ndipo mudule pambuyo pa a, e, i, o kapena u, monga "kudzalimbi-kitsana", osati "kudzalim-bikitsana". Kamzere koikidwa motero kamabisala kokha liwulo likasunthira pakati pa mzere.

Za mafonti ndingonena mwachidule: awiri akwana, imodzi ya nkhani, ina ya mitu, monga Times New Roman ndi Arial. Makulidwe akhale anayi: 24 mutu waukulu, 14 mitu yaing'ono, 10 nkhani, 9 mawu a pansi pa chithunzi. Mitu yonse iyambire kumanzere, pa mzere wa kolamu, kuti gilidi ioneke.

Word imachita makolamu atatu olingana mosavuta: Layout, Columns, More Columns, n'kuika Spacing pa mamilimita 6. Imavuta mukafuna mutu wodutsa makolamu awiri okha pamene yachitatu ikuyenda payokha, ngati mmene tayalira pamwambapa. Njira yake ndi kugwiritsa ntchito Text Box yopanda mzere wozungulira, n'kulemba muyeso wake ndi manambala pa Size m'malo mokoka ndi mbewa. Chenjerani pa chinthu chimodzi: Text Box imabwera ndi kampata kake mkati, mamilimita awiri ndi theka kumanzere ndi kumanja. Kaikeni pa 0, apo ayi mawu sadzalingana ndi m'mphepete mwa chithunzi ngakhale mabokosiwo atalingana. Makolamu awiri a nkhani muwalumikize ndi Create Link kuti mawu azisefukira okha kuchoka ku yoyamba kupita ku yachiwiri. Ngati ntchitoyi mukhala nayo nthawi yaitali, phunzirani pulogalamu ya Scribus. Ndi yaulere, inapangidwira ntchito imeneyi, ndipo pa Page, Manage Guides mumaika makolamu ndi mipata yake n'kumaiona pa sikirini pamene mukuyala.

Musaweruze tsamba pa sikirini pokha. Sindikizani limodzi, muliike patebulo, mubwerere masitepe awiri n'kutsinzina pang'ono mpaka mawu asawerengeke. Muyenera kuona chinthu chimodzi chachikulu, chomwe ndi chithunzi ndi mutu wake, kenako zigawo ziwiri kapena zitatu zotuwa zolekanitsidwa bwino. Mukaona timadontho tambiri tofanana mphamvu, ndiye kuti pakadali zopikisana. Kenako tengani lula, muigoneke m'mphepete mwa kumanzere kwa kolamu iliyonse: mutu, chithunzi, mawu ofotokoza ndi nkhani zonse zigunde lulayo. Chosiyana ndi milimita imodzi chimaoneka papepala kuposa mmene mungaganizire. Igonekeninso chopingasa pansi pa mzere uliwonse wa nkhani, muone ngati mzere wa kolamu yoyandikana wakhala pa lula yomweyo. Ngati wasemphana, fufuzani kumtunda, mupeza kamutu kapena chithunzi chimene muyeso wake sunakwane mizere yathunthu. Pomaliza mupatseni mmodzi wa azigogo aja osamuuza kanthu, muone pamene diso ndi chala chake zayambira, ndiponso ngati akupeza tsiku la msonkhano wa amayi popanda kufunsa.

Popita kosindikiza tengani PDF, chifukwa fayilo ya Word ikatsegulidwa pa kompyuta ina yopanda mafonti anu mizere imasuntha ndipo mawerengedwe onse aja amawonongeka. Pa A3, tsamba 4 ndi 1 zimakhala mbali imodzi, 4 kumanzere, ndipo 2 ndi 3 mbali inayo. Muwauze asindikize pa Actual size, osati Fit, ndipo pempheni kope limodzi loyamba, mulipinde, muone ngati mpindo wagwera pakati penipeni asanayambe ena onse. Tsamba likatuluka bwino, sungani fayiloyo ndi ma Text Box ake opanda mawu kuti mwezi wamawa mungothiramo zatsopano, ndipo olemba nkhani muwauziretu malire: nkhani yaikulu mawu 340, uthenga wa abusa 180, chilengezo chilichonse mawu 20.